Mutu 9: Zikomo wa ziganizo ziwiri

Mlongo wanga atatuluka m'chipatala, mwana wake wamkazi anandipeza pakhonde madzulo ena foni ili m'manja. "Amalume, tandionerani uthengawu ndisanatumize," anatero akukhala pansi. Amayi ake anali atagonekedwa masabata atatu, ndipo iyeyo ndiye anali wodikirira matenda, wogona pachitenje pafupi ndi bedi. Amene anawapepuza masiku amenewo anali azakhali ake, mlongo wa bambo ake, omwe amakhala m'tauni momwe muli chipatalacho. Mtsikanayo ankafuna kuwathokoza. Azakhaliwo ali ndi kafoni ka mabatani, kopanda WhatsApp, choncho mawuwo anayenera kupita pa SMS. Zimene anali atalemba ndi izi:

"Moni azakhali, muli bwanji kumeneko pamodzi ndi ana ndi onse akunyumba? Ine kuno ndili bwino pang'ono kungoti chimfine. Pepani kuti ndachedwa kulemba, foni inali yothima chifukwa magetsi kunalibe komanso ndinalibe mayunitsi, ndiye musaone ngati ndine wosayamika ayi. Choyamba ndithokoze Mulungu, chachiwiri ndithokoze inuyo chifukwa cha zonse zimene munatichitira, zinthu zake ndi zambiri moti sindingathe kuzitchula zonse, ndasowa ndi mawu omwe. Mukudziwa kale mmene zinthu zavutira masiku ano ndipo abale ena sanabwere ndi tsiku limodzi lomwe koma inuyo munkabwera ndi chakudya tsiku lililonse masabata atatu onse aja amayi ali m'chipatala, komanso ndalama ya basi ija. Amayi pano ayamba kuyenda okha mpaka dzulo anakafika kudimba. Sindikudziwa kuti ndidzakubwezerani bwanji, mwina ndikadzapeza ntchito. Zikomo kwambiri, zikomo, zikomo, Mulungu akudalitseni ndipo apitirize kukudalitsani. Moni kwa onse."

Mu ndime imeneyi mulibe bodza, ndipo mulibe mwano. Mtsikanayo akanakhala kuti wafika pakhomo pa azakhali ake, wagwada pamphasa, manja akuwomba pang'onopang'ono, mawu onsewa akanakhala pamalo pake. Kwathu munthu wothokoza sathamangira. Amayamba ndi moni, nkhani n'kubwera pambuyo, ndipo mawa lake akakumana nawe pamsewu amabwerezanso kuti tithokoze za dzulo zija. Koma pamphasa wothokozedwayo amakuona m'maso, amakuyankha pakati pa nkhani, amakudula ndi mawu akuti "aa, n'zochepa izo", ndipo nonse muli ndi nthawi. Pa kafoni ka mabatani zonsezi kulibe. Galasi lake limaonetsa timizere tochepa, azakhali akuwerenga ali pamoto kapena pamsika, chala chili pa batani lotsitsira. Ndinawerenga zilembo za uthengawo pamodzi ndi mipata ya pakati pa mawu, ndipo zinapitirira 900. Chakudya chija, chomwe ndicho chinalembetsa uthenga wonse, chikutulukira zilembo zoposa 500 zitadutsa kale. Munthu wotopa akhoza kulekera pa chimfine n'kuganiza kuti mwana akufuna ya mankhwala.

Malire a uthenga wa pa foni

SMS imodzi imanyamula zilembo 160, ndipo mpata uliwonse, mpumiro uliwonse ndi mpatuliro uliwonse umawerengedwa ngati chilembo. Malirewa anakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1980 pamene akatswiri a ku Ulaya ankakonza dongosolo la mafoni la GSM. Mmodzi mwa iwo, Friedhelm Hillebrand wa ku Jeremani, anakhala pa taipi n'kumalemba ziganizo zosiyanasiyana, zofunsa ndi zouza, uku akuwerenga zilembo zake. Anaona kuti pafupifupi zonse zinkakwana m'zilembo 160, ndiponso kuti mawu amene anthu ankalemba pa mapositikhadi kawirikawiri sankapyola pamenepo. SMS yoyamba inatumizidwa ku Britain pa 3 Disembala 1992 ndi Neil Papworth, ndipo inali ya mawu awiri okha ofunira munthu Khirisimasi yabwino.

Uthenga ukapyola 160, foni imaudula m'zidutswa, ndipo chidutswa chilichonse chimatsala ndi malo a zilembo 153 okha, chifukwa malo enawo amapita ku chizindikiro chothandiza foni yolandira kulumikiza zidutswazo m'ndondomeko yake. Ndime ya mtsikana uja ikanapita ngati mauthenga 6, ndipo kampani ya foni, kaya Airtel kaya TNM, imawerenga chidutswa chilichonse pachokha.

Palinso msampha wina umene umatigwira kwambiri ife olemba Chichewa. Malo 160 aja amapezeka pokhapokha zilembo zonse zili m'gulu la zilembo zimene dongosolo la GSM limazidziwa. Mukangolowetsa chilembo chimodzi cha kunja kwa gululo, uthenga wonse umasinthira ku kalembedwe kena kodya malo ambiri, ndipo malire amatsika kufika pa 70, kapena 67 pa chidutswa chilichonse ngati uthengawo ndi wautali. Chilembo cha ŵ, chija ena amalemba m'dzina la Malaŵi, chili kunja kwa gululo. Tizithunzi ta manja opemphera ndi ta nkhope zosekerera tilinso kunja. Nkhodolero nayo ili mitundu iwiri: yowongoka ili m'gulu, koma yokhota, imene mafoni ena amakono amaika okha, mulibe. Tsono taganizirani kuchuluka kwa nkhodolero m'chinenero chathu, m'mawu ngati pang'ono, m'mudzi, ng'ombe, n'zoona. Nkhodolero yokhota imodzi yokha ikanasandutsa mauthenga 6 aja kukhala 14. Mafoni ambiri amaonetsa timanambala tiwiri pakona pamene mukulemba, ina ya zilembo zotsala, ina ya kuchuluka kwa zidutswa. Mukaona nambala ya zotsala yagwa mwadzidzidzi mutangolemba chilembo chimodzi, chilembo chimenecho ndicho chakulowetsani mumsampha.

Pa WhatsApp malire oterewa kulibe, koma vuto la owerenga likadalipo. Uthenga ukafika, pamwamba pa galasi pamangooneka mawu oyambirira, ndipo ukatalika kwambiri umabisika kuseri kwa mawu akuti "Read more". Zimene mwaika kumayambiriro ndizo munthu amaona, mwina n'kuyankha mawa.

Kudula koyamba kunalakwika

Nditamuuza kuti asiye ziganizo ziwiri zokha, mtsikanayo sanachedwe. Anafufuta pafupifupi zonse n'kundionetsa izi: "Azakhali zikomo kwambiri chifukwa cha zonse. Mulungu akudalitseni."

Anthu ambiri akauzidwa kufupikitsa amathera pamenepa, ndipo ine ndimati uthenga umenewu ndi woipa kuposa wautali uja. Wautaliwo unali ndi nyama, kungoti inamira mumsuzi. Uwu watsala msuzi wokha. Ndinamufunsa kuti, "Uthenga umenewu utati wasochera n'kufika kwa wogulitsa makala amene anakukongoza thumba, ungamudabwitse?" Anaseka n'kuvomera kuti kupatula liwu la azakhali, palibe chimene chikanamudabwitsa. Mawu akuti "chifukwa cha zonse" amamveka aakulu, koma amene anadzuka m'mamawa masiku 21, kuphika phala, kukwera minibasi ndi kontena ya nsima pamwendo, sapezamo umboni woti wina anaona zimenezo. Funso limeneli ndi muyeso wabwino wa zikomo aliyense wolembedwa: ngati mungathe kuutumiza kwa munthu wina osasintha kanthu, ndiye kuti mwadula mbali yolakwika.

Choncho tinabwezeretsa ndime yaitali ija n'kuyambira kwina. M'malo mofunsa chimene tichotse, tinafunsa chimene sichingachoke. Ndinamuuza kuti atseke maso n'kundiuza chinthu chimodzi chimene amaona akakumbukira azakhali ake m'masabata amenewo. Sanaganize nthawi. "Akulowa pageti ndi basiketi, nthawi ya 12 isanakwane." Chiganizo choyamba chinali chitapezeka. Ntchito yake ndi kutchula munthuyo, kunena zikomo, ndi kuloza chinthu chenicheni chimene anachita, chokhala ndi nthawi kapena malo kapena nambala. Mu ndime ija chinalimo kale, pakati pa chiganizo chachisanu: chakudya, tsiku lililonse, masabata atatu, amayi ali m'chipatala.

Chiganizo chachiwiri ndicho chimavuta, chifukwa pali zambiri zolimbirana malo amodzi. Ine ndimati chipatsidwe kwa zimene zinatuluka m'thandizolo, makamaka ngati wothandizayo sakuzidziwa. Azakhali ankadziwa kale kuti anaphika. Ankadziwanso kuti zinthu zavuta masiku ano. Chimene sankadziwa, ndipo ankafunitsitsa kumva, ndi mmene wodwala wawo akupezera. Mu ndime yonse ya ziganizo 9, nkhani yatsopano kwa iwo inali imodzi yokha, yoti amayi ayamba kuyenda okha mpaka anakafika kudimba. Ndipo liwu la dimba ndi lamtengo kuposa kunena kuti akupeza bwino, chifukwa azakhali amalidziwa dimbalo, amadziwa kutalika kwa njira yake ndi kotsetsereka kofikira kumtsinje. Akamva kuti mlamu wawo wafikako ndi miyendo yake, amadziyezera okha kuchira kwake. Tinalemba motere:

"Azakhali, zikomo kwambiri potibweretsera chakudya tsiku lililonse masabata atatu aja amayi ali m'chipatala. Pano ayamba kuyenda okha, dzulo anakafika kudimba."

Zilembo ndi mipata yomwe zinakwana 158. Palibe liwu lachilendo limene ndinabweretsa ine, kupatula "potibweretsera". Kaliwu kameneka n'koyenera kukayang'ana, chifukwa Chichewa chili ndi njira yake yofupikitsira. Mawu akuti "chifukwa chakuti munkabwera ndi chakudya kwa ife" amalowa onse m'mneni mmodzi: po- wanyamula chifukwa, -ti- wanyamula ife, ndipo -er- wa kumapetoko akusonyeza kuti zinachitidwira wina. Potithandiza, pondilandira, potiperekeza, pondikumbukira, onsewa amapulumutsa mawu anayi kapena asanu popanda kutaya kanthu. Kameneka ndiko kufupikitsa kwabwino. Kudya zilembo n'kulemba "zkm kwmbr" kumakhala bwino kwa mnzako wa kusukulu, koma kwa munthu wamkulu kumaoneka ngati kupereka chinthu ndi dzanja lamanzere.

Zimene zinatsala pansi

Mtsikanayo anayang'ana uthenga watsopanowo n'kukhala chete. Kenaka anayamba kuteteza zodulidwazo chimodzichimodzi, ndipo pa zina tinalimbana ndithu.

Za chimfine sanalimbikire. Kupepesa ndiko ankakufuna, poti panali patadutsa masiku angapo chibwerereni kuchipatala. Ndinamuonetsa kuti kupepesako, ndi magetsi ake ndi mayunitsi ake, kunadya zilembo pafupifupi 150, kutanthauza SMS yathunthu, ndipo zonsezo zinali zonena za iyeyo. Uthenga wothokoza ukayamba ndi kudziteteza, wolandira amakakamizika kuyamba ndi kukutonthoza, kukuuza kuti usadandaule, asanalandire zikomo wake. Ndipo mawu akuti "musaone ngati ndine wosayamika" amadzala ganizo limene mwina azakhali analibe n'komwe.

"Ndasowa ndi mawu omwe" ndi mawu okoma pakamwa, makamaka misozi ikulengeza m'maso, chifukwa womvera amaona yekha kuti mawu akukanadi kutuluka. Akalembedwa pakati pa mizere khumi ndi iwiri, amadzitsutsa okha. N'chimodzimodzi ndi zikomo wobwerezedwa katatu. Pamphasa kubwerezako kumayenda ndi kuwomba m'manja ndi kuweramitsa mutu, pamene pa galasi kumangokhala liwu lomwelo lolembedwa katatu.

Za abale amene sanabwere ndi tsiku limodzi lomwe, ndiulule kuti ndinali ndi chifukwa changa chofunira kuti zichoke, poti inenso ndinali m'gulu lomwelo, ndinangotumiza mawu. Komabe ngakhale ndikanakhala wosalakwa ndikanamuuza zomwezo. Mawu olembedwa sauluka ngati a pakamwa. Amakhala m'foni miyezi, foniyo imabwerekedwa, ana amaigwira, ndipo azakhali ngati magalasi awo ali kutali amapempha wina kuti awawerengere mokweza. Dandaulo lolowa mu uthenga wothokoza limafika kwa eni ake posachedwa, ndipo limafika lili ndi dzina la wolemba pamwamba. Kuwonjezera apo, kukweza munthu potsitsa anzake kumamuika pamalo ovuta, chifukwa abale osabwerawo ndi abale akenso.

Pa lonjezo lobweza akadzapeza ntchito ndi pamene ndinalimba kwambiri. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pachibale aliyense amadziwa kuti tsiku lina azakhali nawo adzafuna wowaphikira. Koma zimenezo sizinenedwa ngati ngongole ya pagolosale. Kuuza mlongo wa bambo ako kuti udzamubwezera nsima kuli ngati kumuuza kuti ndi mlendo. Komanso lonjezo la "mwina" silithandiza aliyense. Lonjezo loyenera kulowa m'chiganizo chachiwiri ndi lokhala ndi tsiku, monga kunena kuti ndibwera Loweruka kudzakuonani.

Ndalama ya basi ija inandivuta ndekha, chifukwa inali thandizo lenileni. Tinaisiya poona kuti chiganizo chimodzi chikanyamula mphatso ziwiri kapena zitatu chimayamba kumveka ngati lisiti, ndipo chachikulu chimachepa chikaimikidwa pamzere ndi chaching'ono. Koma pali nthawi imene ndalama ndiyo iyenera kukhala patsogolo. Munthu akakutumizirani pa Mpamba kapena pa Airtel Money, kapena m'bale wa ku Joni akatumiza kudzera mwa wina, funso loyamba m'mutu mwake ndi lakuti yafika kapena ayi, ndipo yafika yonse kodi. Pamenepo nambala iyenera kulembedwa: "Achimwene, K30,000 ija yafika, zikomo kwambiri. Mawa ndikalipira ya mayeso a mwana." Chiganizo choyamba chamuchotsa nkhawa, chachiwiri chamuonetsa kumene thukuta lake lapita. Uthenga wotere usagone, upite tsiku lomwelo. Ndipo musamatirepo pempho latsopano. Zikomo amene kumapeto kwake kuli "komanso nsapato zatha" amaphunzitsa wolandira kuti akaona dzina lanu aziyamba wagwira thumba.

Ulemu sudulidwa

Pali mbali ina imene mtsikanayo anandigonjetsa, ndipo anali ndi mfundo. Anati, "Amalume, munthu wamkulu ndingamuyambe popanda moni?" Ine ndinkaona kuti liwu loti azakhali, loikidwa poyambirira penipeni, likugwira kale ntchito ya kugwada. Iye anati kwa anzake zingatheke, koma kwa azakhali amenewa ayi. Amawadziwa ndi iyeyo, ndipo ndinalolera. Vuto linali loti "Moni" ndi mpata wake zinakweza chiwerengero kufika pa 163, zilembo zitatu pamwamba pa malire, ndipo zitatu zokhazo zikanadula uthengawo pawiri.

Panafunika kuchotsa liwu limodzi. Ine ndinaloza "kwambiri", poti mawu akuti tsiku lililonse masabata atatu akunena kale kukula kwa nkhaniyo, ndipo ndinkafuna kusunga "aja". Timawu ta uja, ija, aja ndi tating'ono koma timagwira ntchito yaikulu m'Chichewa: timauza womvera kuti chinthuchi tikuchidziwa tonse awiri, tinali limodzi. "Masabata atatu" ndi nambala chabe, pamene "masabata atatu aja" ndi chikumbutso. Koma mtsikanayo anakana. Anati zikomo wopanda kwambiri ndi wouma, wonga wa munthu amene wapatsidwa chenji. Uthenga unali wake, ndipo "aja" ndiye anachoka. Ndikadaonabe kuti tinataya liwu labwino, koma sindinganene kuti analakwa.

Chinthu chimene sichinakhale pamkangano n'komwe ndi ulemu wa m'mneni. Wina pofuna kupulumutsa zilembo akhoza kulemba "wandithandiza" m'malo mwa "mwandithandiza", kapena kusiya -ni wa kumapeto, kapena kudula a- wa pa amayi ndi azakhali. Phindu lake ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri, koma mtengo wake ndi waukulu, chifukwa wamkulu amene walembedwa ngati mwana saonanso zikomo, amangoona mwano. Ngati malo akuchepa, chotsani mfundo yathunthu, ulemu utsale.

Nanga dalitso lija? Anthu ambiri kwathu samva kuti athokoza ngati sanatchule Mulungu, ndipo kwa achikulire ena dalitso ndilo zikomo weniweni. Ngati wolandirayo ndi wotero, dalitso likhoza kutenga theka la chiganizo chachiwiri, koma likhale limodzi, ndipo likhale logwirizana ndi chimene chinachitika. Kwa munthu amene anapungula thumba lake la ufa, mawu akuti "Mulungu abwezere pamene munachotsa" amafika pamtima kuposa "akudalitseni ndipo apitirize kukudalitsani". Zikanatheka kulemba kuti: "Moni azakhali, zikomo potidyetsa masabata atatu aja kuchipatala. Amayi pano akuyenda okha, Mulungu abwezere pamene munachotsa." Uwunso ndi uthenga wabwino, kungoti dimba lasowa malo. Mtsikanayo anasankha dimba.

Chomaliza chinali nkhodolero ya m'mawu akuti m'chipatala. Foni yake inali ya mtundu woika yokhota, ndipo nambala ya pakona inkaonetsa zidutswa zitatu pa uthenga wosafika zilembo 160. Tikanatha kufufuza yowongoka pogwira batani la nkhodolero kwa kanthawi, koma njira yachidule inali kusintha liwulo kukhala "kuchipatala", lomwe kutalika kwake n'kofanana. Nambala inabwerera pa 1. Uthenga umene unapita unali wa zilembo 159:

"Moni azakhali, zikomo kwambiri potibweretsera chakudya tsiku lililonse masabata atatu amayi ali kuchipatala. Pano ayamba kuyenda okha, dzulo anakafika kudimba."

Asanatumize ndinamuuza kuti auwerenge mokweza. Chiganizo cha pa foni chiyenera kutha ndi mpweya umodzi. Pali kabodza kena kamene anthu amadzinamiza nako, kochotsa mipumiro n'kumanga ndime yonse ndi "komanso", "ndiye", "moti", kenaka n'kunena kuti ziganizo zatsala ziwiri. Pakamwa pamaulula zimenezo msanga: mukapuma pakati katatu, ziganizozo zikadali zisanu, mwangozivula mipumiro.

Pamene ziganizo ziwiri sizikwanira

Sizonse zimene zimathera pa foni. Anthu amene anakumba manda, amene anagona pamaliro, ankhoswe amene anayenda maulendo kukonza banja, munthu amene anakulipirirani sukulu zaka zinayi, amenewa amathokozedwa ndi miyendo, nthawi zina nkhuku ili m'khwapa. Kwa oterewa uthenga waufupi ndi kalambulabwalo chabe, ndipo chiganizo chake chachiwiri chizinena tsiku lobwera. Ngati wothokozedwayo sawerenga, kapena maso anayamba kuvuta, muimbireni, kapena mujambulireni mawu ngati foni yake imalandira, ndipo m'mawu apakamwawo moni wautali uja abwerere pamalo pake. Uthenga wopita ku gulu, monga la mpingo kapena la kuntchito limene linasonkha ndalama, umafunanso kusamala kwina, chifukwa kutchula mayina awiri n'kusiya ena kumabala nkhani. Pamenepo tchulani chimene gululo linachita ndi chimene chatulukapo, mayina muwasiye.

Azakhali sanayankhe polemba. Anaimba foni usiku womwewo, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti mlamu wawo anapita yekha kudimbako kapena wina anamuperekeza, ndiponso ngati sananyamule keni ya madzi. Mtsikanayo analowa nayo foni m'nyumba kuti amayi ake adziyankhire okha. Ndili pakhonde ndinamva nkhani zikutsatana, za chimfine, za magetsi, za ndalama ya basi ija, mpaka za abale amene sanabwere, ndipo dzina langa linatchulidwa kawiri.